Mzere Umene Unasowa pa Chilengezo cha Kwaya

Fanizo ili ndinalimva koyamba ku Nkhamenya, chaka chimene ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika. Anandiuza ndi a Msampha, mlaliki wamfupi wa mawu osasa, pamene ndinkamata chubu cha njinga yawo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5. Zotsalazo ndaphunzira m'minda ya tiyi ku Thyolo, m'zigafa za fodya ku Kasungu ndi pamwamba pa malole. Koma masiku a ku Nkhamenya aja ndimawasowa, abale, ngakhale sindinakhalitseko. Ine sindikhalitsa paliponse.

Madzulo ano ndakupezani inu a kwaya mutazungulira pepala, mukukangana za chilengezo chanu. Ikani cholembera pansi pang'ono, mumve.

Panali mtsikana wina, telala, amene ankasoka pa khonde la golosale m'mudzi wina wa kutali ndi tala. Iyeyo ndiye anali mlembi wa kwaya ya achinyamata pa mpingo wa kwawo. Kwayayo inali ya anthu makumi awiri ndi anayi, ndipo inkaimba bwino, koma inali isanatulukepo m'dera lawo. Chaka china inaitanidwa ku msonkhano waukulu wa achinyamata ku boma, mwezi wa Julayi. Mwini lole anati, "Mundipatse K90,000 Juni asanathe. Mukachedwa, lole ikanyamula fodya."

Choncho anagwirizana zochititsa phwando la maimbidwe. Anapempha chilolezo kwa akulu a mpingo. Analembera makalata makwaya anayi oyandikana nawo. Anapangana ndi mwini zokuzira mawu ndi jenereta. Anapita kukagwada kwa mkulu wina wa magolosale atatu kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Ntchito yolemba chilengezo anaisiyira telala uja.

Iye anali ndi pepala lachilengezo limene mlongo wake anabwera nalo kuchokera ku mpingo wa mu mzinda. Analikonda, chifukwa linkaoneka laulemu. Analitsanzira mzere ndi mzere, n'kungosintha mayina. Mlembi wa mpingo anamenyapo chidindo, ndipo mapepala makumi atatu anasindikizidwa n'kumatidwa ku chigayo, ku mjigo, ku sukulu ndi pa mitengo ya m'mphambano.

Lamulo la pa mpingowo linali loti chilengezo chotere chiwerengedwe Lamulungu katatu. Lamulungu loyamba mlembi wa mpingo anavala magalasi nawerenga:

"Kwaya ya achinyamata ikudziwitsa akhristu onse kuti idzakhala ndi phwando la maimbidwe, cholinga kupeza ndalama ya ulendo wa ku boma. Tsiku: Loweruka pa 14 Juni, kuyambira 1 koloko masana mpaka 5 koloko. Malo: bwalo la tchalitchi chino, mkati mwa mpanda wa udzu umene udzamangidwe. Pakhomo: akulu K300, ana K100. Ofuna kuthandiza mwapadera atenge envulopu kwa msungichuma, kapena atumize pa foni. Nambala ili pa chitseko."

Anthu anati, "Zikomo." Zikomo wake wa pa maliro. Maenvulopu anatengedwa anayi okha.

Lachitatu, pa khonde paja panafika mayi Nangozo, mayi wake wa Yotamu, mnyamata amene ankatsogolera nyimbo m'kwayamo. Anabwera ndi malaya oyera a mwana wawo, kolala itaperepeseka. Telala anaitembenuza kolalayo n'kuisoka. Mayi aja anamasula kansalu, nathira mbale ya mtedza m'basiketi ya telala, monga ankachitira nthawi zonse.

"Loweruka lija mukhale kutsogolo, amayi," anatero telala. "Yotamu ali ndi nyimbo zitatu."

Mayi Nangozo anaseka. "Kutsogolo kwa chiyani, mwanawe? Ife tidzamvera kuseri kwa mpanda. Udzu sutseka makutu."

"Bwanji nanga?"

"Pepala lako lati ndalama, lati envulopu, lati foni. Ine ndili ndi mtedza. Pepalalo silikundidziwa."

Makina anaima.

Unali mwezi wokolola. M'nyumba iliyonse munali mtedza, soya ndi chimanga, koma m'matumba munalibe kanthu. Mavenda ankagula motchipa, ndi masikelo awo okayikitsa aja, ndipo anthu ankadikira kuti mitengo ikwere. Telala ankazidziwa bwino zimenezi. Iye mwini ankalipidwa mtedza tsiku ndi tsiku. Koma atagwira cholembera analembera anthu a mu mzinda amene sanawaonepo, n'kuiwala anthu amene amawayeza m'chiuno.

Tsopano anali ndi njira ziwiri. Akanatha kukhala chete, chifukwa pepala linali ndi chidindo, ndipo phwando likanalephera palibe akanaloza iye. Kapena akanatha kupita kukanena kuti, "Ndinalakwitsa ndine."

Anapita kwa wapampando wa kwaya, mnyamata wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Achemwali, mwayamba liti nthabwala?" anatero wapampando. "Mlendo wolemekezeka adzakhale pa sofa, pambali pake nkhuku ikulira? Anzathu a makwaya ena adzatiseka mpaka Khirisimasi."

"Adzatiseka kwambiri tikadzaimbira mabenchi, achimwene."

Wapampando anakanda mutu, nati, "Kaoneni a mlembi a mpingo. Akavomera iwo, ine ndilibe mawu."

Mlembi wa mpingo anali munthu wa dongosolo. Anamvetsera mpaka kumapeto, navula magalasi.

"Mwanawe, ine chimene ndawerenga kale pamaso pa mpingo sindichimeza. Ukafuna kusintha, udzaime wekha Lamulungu. Udzawauze ndi pakamwa pako."

Telalayo anali wamanyazi. M'kwaya ankaima mzere wakumbuyo, ndipo anali asanayankhulepo pamaso pa mpingo. Koma Lamulungu lachiwiri anaima, pepala lili m'manja.

"Makolo anga," anatero, "tsiku silinasinthe: Loweruka pa 14 Juni, 1 koloko masana. Malo sanasinthe: bwalo lomweli. Koma ndinasiya mzere umodzi, ndipo wolakwa ndine. Mzerewo ndi uwu. Amene alibe ndalama abwere ndi chimene ali nacho. Wamkulu, mbale ziwiri za mtedza kapena soya, kapena mbale zinayi za chimanga. Mwana, theka lake. Nkhuku imodzi ilowetsa banja lonse. Tidzalandira Lachisanu masana pa khonde la tchalitchi, ndi Loweruka pakhomo. Aliyense adzalandira tikiti yofanana ndi ya wolipira ndalama, ndipo adzakhala pamene wafuna. Amene alibe ngakhale mbale imodzi abwere ndi mtolo wa udzu Lachinayi, timange mpanda. Nayenso tikiti yake ilipo."

Kumbali ya amayi kunamveka kanthungululu kamodzi, kenako ena anayankha. Bambo wina kumbuyo anafuula, "Nanga wa mbuzi alowa ndi mudzi wonse?" Tchalitchi chonse chinaseka, mpaka mlembi wa mpingo anabisa nkhope m'buku la zolengeza.

Ndalama yosindikizira mapepala ena panalibe. Telala anatseka makina masiku awiri, nabwereka njinga, nayendera mapepala onse makumi atatu. Pa lililonse analemba mzere uja pansi, ndi cholembera chakuda, zilembo zikuluzikulu. Pamene mbuzi inadya pepala, analemba lina pa katoni. Ndipo pa mjigo sanangolemba. Anaima n'kuwerengera amayi mokweza, chifukwa ena mwa iwo sankatha kuwerenga.

Loweruka linafika. Mpanda unali utamangidwa ndi manja ambiri, moti udzu unatsalako. Pakhomo panali tebulo la ndalama kumanja, matumba otsegula kumanzere, ndi mbale imodzi yoyezera aliyense. Mzere wakumanzere unafika mpaka ku msewu. Makwaya anayi aja anabwera onse.

Mlendo wolemekezeka sanabwere. Anatumiza mphwake ndi mawu opepesa, ndi envulopu yopyapyala ngati tsamba la chitowe. Wapampando anakhala pansi, nkhope itagwa. Sofa inakhala yopanda munthu, mpaka wina anakhazikapo gogo wa ndodo amene anabwera ndi mazira asanu ndi limodzi.

Koma nyimbo zinaimbidwa. Yotamu atayamba nyimbo yake yachiwiri, mayi ake anadzuka pa benchi lakutsogolo, navina mpaka mpango unagwa. Pakati pa mwambo anachititsa okushoni ya nkhuku ndi mazira. Aphunzitsi awiri analimbirana tambala mmodzi, mtengo unakwera kuposa wa kumsika, ndipo wopambanayo anamubwezanso kuti agulitsidwe kachiwiri.

Atalipira zokuzira mawu ndi mafuta a jenereta, ndalama yotsala sinakwane ya lole. Lolemba telala ndi wapampando anapita kwa mwini lole ndi zimene anali nazo, mitima ili m'mwamba. Mwini loleyo anamva za matumba amene anali m'chipinda cha tchalitchi, napita kukawaona. Anapisa dzanja mu soya, naluma njere imodzi.

"Wouma bwino uyu. Ndipatseni soya ndi mtedzawu, chimanga chikhale kamba wanu wa pa ulendo. Tsiku lonyamuka musandichedwetse."

Anapita onse makumi awiri ndi anayi.

Tanthauzo lake ndi ili, abale anga. Ife akhristu timadziwa kulengeza tsiku la Ambuye, ndipo malo ake timawadziwa. Koma kawirikawiri timalemba kalowedwe kake ngati kuti aliyense ali ndi zimene tili nazo ife: zovala zabwino, mbiri yoyera, mawu odziwa kupemphera. Munthu amamva kuitana kwathu, amayang'ana m'manja mwake, n'kunena kuti, "Si za ine izi." Sanakane Mulungu ayi. Ndife amene tinasiya mzere. Mulungu akamaitana amadziwa chimene chili m'nyumba ya munthu aliyense, ndipo amalandira chomwecho. Wosweka mtima abwere ndi mtima wake woswekawo. Ndipo iwe wotumidwa kukaitana, ukazindikira kuti wina watsala kunja chifukwa cha kalembedwe kako, usateteze chidindo. Imirira, uvomere, ukonze. Manyazi ako ndi a mphindi zisanu, koma mnzako alowa.

Ndiye pepala lanulo mulipititse kaye kwa munthu wosaukitsitsa pa mpingo pano. Mumuwerengere, mumufunse kuti, "Kodi inu mulowa bwanji?" Akayankha msanga, kalimateni.

Tandipatsirani chikwama changa icho, chili pansi pa benchi. Ayi mayi, zikomo, tiyi wachiwiri ndimwera kutsogolo. Pali galimoto ya matimati imene inyamuke pa siteji 8 koloko, ndipo dalaivala wandilonjeza malo pamwamba pa madengu. Inu pitirizani nyimbo ija munaisiyira pakati. Ndiimvera panjira.