Gule wa Njiri ndi Nungu pa Denga la Mfuko

Njiri ndi Nungu anali mabwenzi okonda gule. Njiri ankasamala kwambiri za mmene anzake amamuonera, pomwe Nungu anali ndi mtima wosachedwa kumutsutsa iye mwini akalakwa. Tsiku lina anadya masuku osasa mpaka mitu kuzungulira, nayamba kuvina pa kamtunda kena. Nungu ankagwedeza minga yake ngati maseche, Njiri akudumpha mchira uli njo.

Mwadzidzidzi dothi linagumuka, onse awiri n'kugweramo miyendo ili m'mwamba. Kamtundako kanali denga la mayi Mfuko, amene anatuluka ndi ana awo akutsokomola fumbi. Anyani amene anali mumtengo anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa. Ovina aja anathawa, nakaima kuseri kwa chulu.

"Anyani aja andiona," anatero Njiri. "Ine ndine chitsiru basi. Nkhope iyi ndiilozetsa kuti?"

"Ine ndikuganiza za ana aja," anayankha Nungu. "Taonani mitamboyo, achimwene. Tawagumulira nyumba, ndiye mvula ikabwera abisala pati?"

"Wolakwa ndi iwe ndi minga yako yosokosayo," Njiri anakalipa, n'kulowa ku una wake chambuyo.

Nungu anabwerera kwa mayi Mfuko. Anyani anayambanso kuseka, ena akutsanzira kavinidwe kake, koma iye anapitirira. "Mayi, ndakuphwanyirani nyumba ndine," anatero. "Pepani. Ndiyambire pati?"

"Pepaniyo safolera denga," anayankha mayi Mfuko. "Kumbani apo. Ndipo musawerame pafupi ndi ana, mungawabaye."

Nungu anakumba mpaka zikhadabo kuwawa. Ana a Mfuko ankamuimbira nyimbo yomunyogodola, iye n'kumakumba motsatira nyimboyo, mpaka mayi awo anaseka osafuna. Chipinda chogona chinatha, koma nkhokwe ya mbatata inali idakali poyera. Pamenepo pankafunika mphuno yolimba ya Njiri.

Mayi Mfuko anapita okha ku una wa Njiri. "A Njiri, tulukani mutithandize."

"Ndisiyeni, mayi. Ndine woipa, sindiyenera kuonedwa."

"Sindinabwere kudzakuonani. Ndikufuna mphuno yanuyo."

"Kodi anyani achokapo?"

"Alipo."

"Ndiye ndafa. Maliro mawa."

Mvula inagwa ya mkokomo. Ana anagona pouma, koma mbatata zonse zinanyowa n'kuola. Nungu anagawana nawo mizu yake mpaka dzinja kutha, ndipo pakhomopo ankalandiridwa ngati malume. Anyani anaiwala nkhaniyo sabata isanathe, koma Njiri anapitiriza kuzemba njira ya kwa Mfuko, n'kumavina yekha mu una, akugunditsa mutu kudenga.

Phunziro: Manyazi amati, "Ndine woipa," ndipo amatumiza munthu kokabisala. Chikumbumtima chimati, "Ndachita choipa," ndipo chimamutumiza kwa amene wamulakwira. Woipa sadziwa poyambira, koma choipa chimakonzeka.