Kanyimbi ndi Mbuyo za Mbuzi

Padangokhala chaka china cha njala, njala yoti mbewa zinkadya misampha, agalu pouwa n'kumatsamira mtengo. Amene akuti n'zabodza anali asanabadwe. Chaka chimenecho Kanyimbi, akukumba mbozi m'tsinde mwa phiri, anangomva chiphazi cha Kambuku chamukanikiza pamsana.

"Mfumu, ine n'kanthu konunkha, mudzangosanza," anatero Kanyimbi. "Ndisiyeni, ndikudyetsani mbuzi."

"Mbuzi ikalephera, mbuzi ndiwe," anayankha Kambuku, n'kumuluma nsonga ya mchira ngati chikole.

Mbuzizo ankaweta mnyamata wina, Sandikonda, pamodzi ndi atsibweni ake a Chadzunda, mkulu wa mkondo wautali woti ankathyolera malambe ali chikhalire. Kanyimbi anakwawa, nakabisala m'udzu pafupi nawo. Mbuzi zinali zitagona, zikubzikula.

"Atsibweni, bwanji zonse zaloza mitu kumtunda? Zapangana?"

"Mbuzi n'kupangana? Waza fumbi m'mwamba, mphwanga."

Fumbi linauluka kulowera kumene mbuzi zinaloza.

"Waona? Mbuzi imapatsa mphepo mbuyo. Siifuna kuti fumbi ndi mvula ziziiwomba m'maso. Komanso mphepoyo imaibweretsera fungo la chilichonse chili kumbuyo kwake. Kutsogolo fungo silingabwere, ndiye kumeneko imayikako maso, ndipo maso ake ali m'mbali mwa mutu, amaona ponseponse. Mphuno ilondera kumbuyo, maso alondera kutsogolo. Tsono masana ano dzuwa latenthetsa phirili, mpweya ukukwera..."

Mkuluyo anali asanamalize, koma Kanyimbi anali atathamanga kale, akuyesa kuti wamva zonse.

"Mfumu, mbuzi n'zopusa," anauza Kambuku. "Zikagona, maso amakhala ali tulo. Dzerani kumene zaloza."

Kambuku anatsika kuchokera kumtunda. Mbuzi zinamuona ali kutali, zinadzambatuka, agalu a abusawo anamulumphira. Anabwerako khutu limodzi likulendewera, koma wamoyo. Analuma mchira wa Kanyimbi pakati.

"Ndinasokoneza, mfumu. Dzerani kumbuyo. Mbuzi ili ndi maso kumchira?"

Kambuku anakwera kuchokera kuchigwa, mimba ili pansi, osathyola ngakhale kaudzu. Mphepo inamutsogolera. Tonde anangotukula mphuno, n'kuyetsemula, mbuzi zonse zinaimirira. Mwala wa a Chadzunda unamugulula Kambuku dzino, ndipo dzinolo anakalitola anthu kutsidya kwa mitsinje iwiri. Koma sanafe.

Ulendo uno Kambuku sanalume mchira. Anamunyamula Kanyimbi yense pakamwa.

"Lero tipitira limodzi," anatero mano ali pamimba pake. "Ukanama, ndingotseka pakamwa."

Kanyimbi anamva nthiti zikulira. Apa ananena zoona.

"M'mbali, mfumu. Dzerani m'chigwembe chija. Maso sakupezani, ndipo mphepo ipita ndi fungo lanu kwina."

Zinathekadi. Anafika pafupi moti ankamva mbuzi zikutafuna. A Chadzunda anali potero, mkondo uli pamwendo. Kambuku atakunga msana kuti alumphe, Kanyimbi anatulutsa chonunkha chake chonse, chimene ankasunga chibadwire, m'kamwa mwenimwenimo. Kambuku anatsamwa, nakhosomola, Kanyimbi n'kugwa pansi. Agalu anafika, mkondo unalowa m'nthiti, nkhani ya Kambuku n'kuthera pomwepo.

Kanyimbi akanapita kwawo. Koma anaona anthu ayamba kusenda chikopa, njala n'kumukumbutsa matumbo. Anakwera kumtunda, kumene mphepo inkalowera, nabisala kuseri kwa mwala. "Diso silipyola mwala," ankadziuza akuseka, "ndipo fungo langa likupita kumwamba kwa phiri. Mkulu uja wandiphunzitsa yekha."

Kusenda kunachedwa. Mbuzi zinadekha, zinagonanso. Dzuwa linabisala kuseri kwa phiri, miyala inayamba kuzizira.

"Atsibweni, taonani, zatembenuka. Tsopano zaloza kuchigwa."

"Ndi zija ndimakuuza zija, mphwanga. Phiri likazizira, mpweya wozizira umalemera, umatsika ngati madzi. Mphepo yatembenuka, nazonso zatembenuka."

"Nanga tondeyo akununkhiza chiyani kumtundako?"

Kanyimbi anasuzumira. Mbuzi zonse zinali zitamupatsa mbuyo. Anamva kamphepo kozizira kakumusisita pamsana, kakutsika ndi fungo lake, fungo loti linagwetsa akhwangwala awiri m'mwamba. Agalu anali atatukula kale mphuno.

Anafuna kuwapopera chonunkha chija, koma anali atathera chonse m'kamwa mwa Kambuku. Anathamanga. Miyendo ya kanyimbi ndi yaifupi, ndipo nthiti zinali zophwanyika.

Agalu anamupeza asanafike pauna wake. Chaka cha njala chimenecho, pamene anthu ankaphika zikopa za ng'oma, palibe galu ndi mmodzi yemwe amene anamudya. Pa zoti n'kanthu konunkha, Kanyimbi sananame.