Mkamwini Wolota Moto

Kalekale... Mukutsonya chiyani? Amene sakhulupirira abwere andikane pamapeto, ngati n'chamuna.

Kalekale, panali mkamwini wina, dzina lake Chipwaila. Analota nkhokwe ya apongozi ake ikuyaka. Moto lawilawi, utsi tolotolo. Anadzuka thukuta lili kamukamu, poti mkamwini, nkhokwe ikapsa, ukwati nawo wapsa.

"Anambewe, ndalota moto."

Mkazi wake anati, "Mukalambule udzu kuzungulira nkhokwe, ino n'chilimwe."

Iye khasu ayi. Anatenga ndodo, ulendo kwa sing'anga.

Sing'anga anagwedeza nsupa. "Moto ndi mkwiyo. Mizimu yakuchikazi yakwiya, simunaithire nsembe chibwerereni. Fululani mowa, mukathire patsinde pa mpoza. Moto wakale muzime, mupeke watsopano."

Chipwaila anati, "Mowa wanga amwe akufa? Aaa, iyayi."

Anayenda, anayenda, mpaka kwa shehe.

Shehe anafunsa, "Unali ndi utsi?"

"Wambiri."

"Moto wowala wopanda utsi ndi chiongoko, Mulungu kukulozerani njira yowongoka. Wautsi, wonyeketsa zinthu, ndi fitina, mkangano pamudzi. Loto lotere mumalavulira kumanzere katatu, kupempha Mulungu akutetezeni, kutembenukira mbali ina. Osauza munthu. Mwauza angati?"

Chipwaila anati, "Wondiletsa kulankhula ndiye ayi."

Anayenda, anayenda, mpaka kwa mneneri wa mkanjo woyera. Apa anachenjera, utsi uja anausiya panjira.

"Abusa, ndalota moto. Woyera mbee, wopanda utsi."

Mneneri analumpha. "Aleluya! Umenewo si wa Gehena. Ndi moto woyenga, wopsereza mankhusu n'kusiya tirigu. Zoipa zonse pakhomo panu zipsa!"

Chipwaila mano onse pamtunda. Loto lokoma walipeza, lopanda mowa, lopanda kutseka pakamwa.

Pobwerera ankaganiza: zoipa pakhomo n'chiyani? Anankafumbwe, amene akudya chimanga cha apongozi!

Anatenga muuni wa udzu, nalowa nawo pansi pa nkhokwe kuti awafukize. Udzu wosalambula uja n'kuti uli gwaa. Mphepo inangoti kuuu. Nkhokwe lawilawi, utsi tolotolo.

Apongozi anatuluka manja ali kumutu. "Mayo ine! Akamwini, mwatani?"

"Ndimayeretsa, amayi."

"Yeretsaninso pakhomo pano. Nyamulani mphasa yanu!"

Mbiri itamveka, sing'anga anati, "Ndinanena, mkwiyo." Shehe anati, "Ndinanena, fitina." Mneneri anati, "Ndinanena, choipa chachoka pakhomo." Onse analondola, ana anga. Koma chimanga chinapsa.

Wosankha tanthauzo la loto ngati akusankha nzimbe pamsika, amatafuna phulusa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo Chipwaila anachenjera, analeka kuyendayenda ndi maloto.

Eee, mwandigwira. Zakuti anachenjerazo ndawonjezera ndine. Mmene ndikunena pano walota madzi, ndipo ali panjira ndi ndodo yake.

Nthano yanga yapsera pomwepo.