Woyamba Kutumiza, Womaliza Kuwerengedwa

M'kashopu kake kokonzeramo mawotchi munali mawotchi khumi ndi anayi pakhoma, ndipo onse ankanena chimodzi ngati mboni zopangana. Anthu ankamutcha Sekondi, chifukwa ukamufunsa nthawi sankakhutira ndi kukuuza ola. Anali munthu wabwino mtima, koma ndinene mosabisa, anali ndi liuma la mbuzi yokana chingwe.

Miyezi itatu m'mbuyomo, mtsikana wina, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, anabweretsa wotchi yoduka lamba. Lambalo linakonzedwa tsiku lomwelo, koma macheza awo sanathe. Ankalemberana pa foni, ankaperekezana pokwerera basi, koma mawu enieni aja panalibe amene anali atawatulutsa. Tsopano mawa lake linali tsiku lobadwa la mphunzitsiyo, ndipo Sekondi anatsimikiza kuti uthenga wake ndiwo unene zimene pakamwa pankakanika.

Masana amenewo anapita ku saluni yoyandikana ndi shopu yake, kumene mlongo wake wamkulu ankaluka tsitsi la kasitomala.

“Achemwali, nditumiza 12 koloko usiku ndendende,” anatero. “Ndikhale woyamba. Uthenga wapakati pa usiku umanena kuti ndakana tulo chifukwa cha iwe. Wam'mawa ndi wa azakhali ndi anzathu a kuntchito. Wamadzulo ndiye wa amene wachita kukumbutsidwa ndi foni.”

“Zimenezo sunaname,” anayankha mlongo wakeyo, chipeso chili pakamwa. “Koma mtsikanayo amagona nthawi yanji?”

“9 koloko. Amazimitsa ndi intaneti yomwe.”

“Ndiye tulo takoto ukukanira ndani? Amadzuka hafu pasiti faifi, unandiuza wekha. Mutumizire akangotsegula maso, akuyankhe mucheze.”

Kasitomala uja naye anathirapo ndemanga, mutu uli chopendekera. “Komanso achimwene, miyezi itatu yokha n'kumagogoda pa foni ya munthu pakati pa usiku? Ola limenelo ndi la amene analowa kale m'nyumba.”

“N'chifukwa chake ndikulifuna,” anatero Sekondi, n'kutuluka.

Usiku umenewo analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza panatsala mizere inayi, yopanda maluwa kapena zithunzi za keke, ndipo mzere wotsiriza unali funso lomufunsira chibwenzi. Anaika wotchi yake yodalirika patebulo, chala chili m'malere. Mivi yonse itatu itakumana pamwamba, anadina. Panatuluka kachizindikiro kamodzi kochonga, kusonyeza kuti uthenga wachoka koma foni ya mwini wake ili mtulo. Iye anakagona akumwetulira ngati wapambana mpikisano.

Mpikisano anapambanadi, koma katswiri wa mawotchi anaiwala khalidwe la foni. Foni imaika pamwamba amene walankhula posachedwa, ndipo aliyense wobwera pambuyo amamukankhira mnzake pansi. Patangotha mphindi imodzi, asuweni a mphunzitsi uja anayamba. Kenako anzake a kukoleji, gulu la kwaya, gulu la banja. Kutacha kunabwera azakhali, aphunzitsi anzake ndi makolo a ana makumi atatu. Mtsikanayo atayatsa intaneti, foni inanjenjemera mpaka kuyenda patebulo. Anayang'ana pamwamba, dzina lomwe ankalifuna panalibe. Anayamba kuyankha kuchokera pamwambapo, ena akulowabe, mpaka nthawi ya basi inakwana. Ndipo ana a zaka zinayi salola munthu kugwira foni.

Ku shopu, Sekondi anaona tizizindikiro tiwiri, umboni woti uthenga wafika. Koma sitinasinthe mtundu, kutanthauza kuti sunatsegulidwe. 7 koloko inadutsa. 10 koloko. Mawotchi khumi ndi anayi aja anayamba kumuseka. Anaika batire chozondotsa m'wotchi ya mkulu wina, zimene sanachitepo chiyambire ntchito.

“Wauona n'kuulambalala,” anadandaula kwa mlongo wake. “Ndathamanga nazo. Wandiona ngati wopanda ulemu.”

“Tumizanso kamodzi, ungoti mwadzuka bwanji. Dzina lako likwera pamwamba.”

“Ayi. Ndikatumizanso ndioneka wopemphetsa. Ine yanga mbali ndachita, pa nthawi yake.”

Apa ndiye ankandikwiyitsa munthu ameneyu. Mankhwala anali mawu awiri okha, koma iye anasankha kudwala tsiku lonse. Nayenso mphunzitsi, kusukulu kuja, ana ankamuimbira nyimbo iye akuseka ndi mano okha. Mumtima ankati, munthu wosaiwala sekondi waiwala tsiku lathunthu, ndiye kuti ine ndinkalota ndekha.

Nthawi ya 3 koloko mlongo uja anatopa nazo. Analowa m'shopu, natenga loko, n'kumukankhira mchimwene wakeyo panja. “Pita ukakanidwe pamaso, ubwere ulire zenizeni. Kulira kongoganizira kwanditopetsa.”

Sekondi anamupeza mphunzitsi uja pageti la sukulu, atanyamula makhadi opaka utoto ndi timanja ta ana. Moni wawo unali wouma.

“Zikomo, bambo,” anatero mphunzitsi. “Ndimayesa mawotchi anu onse aima.”

“Aima bwanji? Ine ndinali woyamba! 12 koloko ndendende!”

Mtsikanayo anamupatsira makhadi aja kuti amugwirire, natulutsa foni. Anayamba kutsitsa ndi chala. Anadutsa makolo, anadutsa azakhali, anadutsa kwaya. Anatsitsabe. Pansi penipeni, kunsi kwa msuweni amene anangotumiza chithunzi cha baluni, anamupeza Sekondi ali phee, ngati ndalama yogwera kuseri kwa mpando.

Anawerenga kamodzi. Anawerenganso. Kenako anaphulika kuseka mpaka misozi, moti mlonda wa pageti anasuzumira.

“Ndiye mwagona pansi pa anthu makumi asanu ndi limodzi tsiku lonse, osakuwa n'komwe?”

“Ndimafuna mudziwe kuti ndinakana tulo,” anayankha motsitsa mawu.

“Ndadziwa, ndipo zandikoma, sindinama. Koma pakati pa usiku anandilembera ndi ambiri, ena sitinaonane zaka zisanu. Ola limenelo aliyense amalidziwa. Lomwe ndimadzuka ine amalidziwa ndi anthu atatu okha: amayi, abambo, ndi inu. Awiriwo anaimba madzi a tiyi asanawire. Ine ndimadikira wachitatu.”

Sekondi anayang'ana nsapato zake. “Nanga funso lija la kumapeto?”

Mphunzitsi anabweza foni m'chikwama, natenga makhadi ake, koma dzanja lake linachedwa pang'ono pa dzanja la mnyamatayo.

“Chaka chamawa mudzadikire ndidzuke,” anatero.

Katswiri wa nthawi zinamutengera masitepe khumi kuti amve. Chaka chamawa! Ndiye kuti wamulola! Anaima pakati pa msewu n'kufuula, njinga ina n'kutsala pang'ono kumuwomba. Madzulo amenewo mlongo wake anavina m'saluni chipeso chili m'manja, n'kulengeza kuti pa ukwati tsitsi la mkwatibwi adzaluka ndi iye, ndipo palibe wopikisana naye.

Lero wotchi imodzi mwa khumi ndi inayi ija ili kuchipinda kwa awiriwo, ndipo imalira hafu pasiti faifi. Anyamata akabwera kudzasinthitsa batire n'kuyamba kudzitama kuti iwo amatumizira okondedwa awo uthenga 12 koloko ndendende, Sekondi amachotsa kagalasi kake padiso n'kuwafunsa kuti, “Iyeyo amadzuka nthawi yanji?” Kenako amawauza zimene anaphunzira atagona pansi pa mulu tsiku lathunthu: kuthamanga sikufika.