Dzina la Wokhala Kumbuyo

Panali mnyamata wina, dzina lake Yotamu, wa ku Mayani, amene anapita ku Joni kukasaka ntchito. Anaipeza ya m'dimba pa nyumba ya azungu. Masiku amene anamudindira m'pasipoti polowa anatha kalekale, iye osabwerera. Mukudziwa mmene munthu wotere amayendera. Akaona galimoto ya polisi, amawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale.

Itafika Disembala, abwana ake anapita kunyanja, n'kumusiyira agalu ndi makiyi a geti. Amalawi amene anali ndi mapepala abwino anakwera mabasi ndi zikwama zawo, ulendo wa kumudzi. Yotamu anatsala. Khirisimasi yake yoyamba kwa eni inamupeza akuthirira maluwa a munthu wina, ndipo mtima unamuwawa kwambiri.

M'mawa umenewo anatuluka kukagula buledi. Podutsa pa nyumba ina anamva nyimbo ikuchokera m'galaja. Anaima. Inali nyimbo ya Khirisimasi, m'Chichewa chenichenicho, amayi akuikoka pang'onopang'ono monga amachitira kwathu. Miyendo inangomutengera komweko.

Mpingo wake unali wochepa, woti galaja limodzi n'kutsalako malo. Mipando inali ya pulasitiki, ena atakhala pa makileti. Guwa linali tebulo losita zovala, atalifunditsa chitenje. Mbusa kunalibe. Amene ankatsogolera anali Bambo Nkhwazi, mkulu wa mpingo, mlonda wa pa fakitale, ndipo jekete lawo linali la ku ntchito komweko. Anawerenga nkhani ya kubadwa kwa Ambuye, ana awiri anachita za abusa atafunda matawulo, anthu anaseka pang'ono.

Yotamu anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ankaudziwa mwambo wathu: mapemphero akamatha, alendo amaimiritsidwa kuti anene dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi mpingo umene achokera. Iye anali ataganiza kale kuti nthawiyo isanakwane, atulukamo mwakachetechete. Kwa eni, dzina lako lenileni sulimwaza ngati mapira.

Koma zolengeza zinayamba alendo asanaitanidwe. Bambo Nkhwazi anavula magalasi.

“Abale, ndikuonongerani Khirisimasi. Mnyamata uja ankakhala kumbuyoko, uja tinkangomuti Joe, watisiya. Anadwala yekha m'kachipinda kake, eni nyumba ndiwo anamupeza. Ali ku mochale. Pasipoti sinapezeke, foni anaba. Akutiuza kuti pakapanda womudziwa, boma limuika lokha m'manda a anthu opanda abale. Ife kusonkha tasonkha, galimoto yonyamula maliro ilipo. Koma timutumiza kuti? Wapemphera nafe miyezi yonseyi, ndipo tikati alendo aimirire, iye anali atatuluka kale.”

Mayi wina anafunsa kuti, “Nanga sitingangopita ife kukanena kuti ndi wathu?”

“Tinapita, mayi. Apolisi akufuna munthu wodziwa dzina lake lenileni ndi kwawo, apite yekha akaone thupi, asayine. Akatero ofesi ya kazembe wathu ipereka mapepala a maliro. Popanda dzina palibe chimene chiyende.”

Anayendetsa foni ya mayi wina imene inali ndi chithunzi cha tsiku la ubatizo. Womwalirayo anali kumapeto, nkhope theka. Foni inayenda mzere ndi mzere, aliyense akupukusa mutu, mpaka inafika kumbuyo.

Yotamu atayang'ana, anaizindikira nkhopeyo. Ameneyu sanali Joe. Anali Lameki. Anakhala mpando umodzi m'basi kuchokera ku Dedza, kudutsa Mozambiki ndi Zimbabwe, akugawana chinangwa ndi botolo limodzi la madzi. Panjira munthu umalankhula zambiri. Lameki anamuuza kuti kwawo ndi kwa Bilira, ku Ntcheu, kuti mayi ake ndi Nachisale, amagulitsa tomato pamsewu, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwa chigayo. Atafika anasiyana pa siteshoni, osaonananso.

Tsono taonani pamene anaima mnyamatayu. Akalankhula, ayenera kupita ku polisi ndi miyendo yake, ndipo wosayina amayamba waonetsa pasipoti yake. Yake inali yakutha. Ntchito ithera pomwepo, ndi malata amene analonjeza mayi ake athera pomwepo. Akakhala chete, palibe adziwe. Chitseko chinali pambali pakepo, chotsekula.

Anapereka foni kwa woyandikana naye. Anakhala chete. Inde, anakhala chete, musamuyese mngelo. Anaimba nawo nyimbo ya chopereka, m'maganizo akuona mayi wa tomato uja akuyang'ana basi iliyonse yochokera ku Joni.

Kenaka Bambo Nkhwazi anati, “Ngati pali alendo, aimirire tiwadziwe.”

Yotamu anaimirira.

“Ine ndine Yotamu Kalilangwe, wa ku Mayani, ku Dedza. Mapepala anga anatha. Koma uyo mukumuti Joe ndi Lameki, mwana wa Nachisale wa kwa Bilira.”

Mayi anafunsa uja anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, pakuti tsopano panali dzina loti alilire.

Bambo Nkhwazi anamuyandikira n'kunena motsitsa mawu, “Mwana wanga, ukudziwa chimene chingakuchitikire kumeneko?”

“Ndikudziwa, bambo.”

“Ndiye sukapita wekha.”

Tsiku limenelo anadya mpunga ndi nkhuku pa mbale za mapepala, chakudya chosakoma m'kamwa. Madzulo asanafike, uthenga unali utadutsa kwa mkulu wa mpingo wina wa ku Ntcheu, n'kufika kuseri kwa chigayo.

Maholide atatha anapita ku polisi, Bambo Nkhwazi ali pambali pake. Anaona thupi, anasayina. Mwina mukudikira ndinene kuti wapolisi anagwidwa chifundo n'kutseka maso. Ayi, abale, si nthano ya ana iyi. Anamuuza kuti atuluke m'dziko. Akulu a mpingo anachonderera chinthu chimodzi chokha, kuti atuluke ndi maliro, pakuti bokosi siliyenda lopanda woperekeza. Makiyi a geti anawasiya kwa wantchito wa nyumba yoyandikana. Pa chipata cha dziko anamudinda chidindo chomuletsa kubwerera.

Ndiye mnyamata amene anapita kukasaka malata anabwerera ndi kachikwama kamodzi, atakhala m'galimoto yokoka ngolo ya bokosi. Kwa Bilira anthu anali atasonkhana. Nachisale sanamufunse zambiri. Anangomugwira dzanja ndi manja onse awiri n'kunena kuti, “Mwandibweretsera mwana. Ndidziwa polira.”

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano ndikufunseni inu a kumbuyoko, inu amene mumatuluka nyimbo yomaliza isanathe, ngati mwasiya mphika pamoto. Mulungu amakudziwani, zoona, sindikutsutsa. Koma Mulungu sasayina ku mochale. Anatipatsa anzathu kuti azichita zimenezo, ndipo nthawi zina zimawadyera zonse zimene anali nazo. Maliro n'kulirana. Lero tikati alendo aimirire, imirirani, mutiuze kwanu.