Kiyi wa Venâncio

M'mawa wina wa mwezi wa Juni chisanu cha ku Lichinga chinkaluma mpaka m'mafupa. Belmira, mayi wogulitsa nyemba kumsika, anapeza apongozi ake okalamba, a Jaime, akunjenjemera m'chipinda chawo ku Sanjala. Anawalowetsera mbaula ya makala, natseka zenera ndi chitseko kuti kutentha kusathawe. Anali atamvapo pa wailesi kuti makala amatulutsa mpweya wakupha m'nyumba yotseka, koma amayi ake ankachita zomwezo ndipo palibe anafa. Ananyamula dengu napita.

Mwamuna wake Venâncio, kalaliki wa boma, anali atakwera kale shapa, minibasi ya kumeneko, pamene anapisa m'thumba n'kupeza kuti waiwala kiyi wa ofesi. Anatsika akung'ung'udza. Atafika kunyumba anaitana bambo ake, koma kunali zii. Anawapeza ali lefu, atasanza, osayankha. Anawakokera panja, mnansi wa galimoto nawathamangitsira kuchipatala. Kumeneko anawaika pa okosijeni, ndipo madzulo nkhalamba inatsegula maso n'kupempha tiyi.

Abale anaseka mpaka misozi. Ankati kuiwala kwa Venâncio ndi mngelo, ndipo alamu ake a Belmira anamusisita paphewa, amvekere mtima wake ndi wabwino, ankangofuna kufunditsa mkulu. Belmira anakhala pansi pakhonde la chipatalacho akuthokoza Mulungu.

Pakhondepo pankakolopa Chausiku, yemwe kale anali mnansi wawo koma tsopano ankagwira ntchito yoyeretsa pachipatalapo. Zaka zitatu zapitazo nayenso anaikira apongozi ake aakazi mbaula n'kupita kukatunga madzi. Tsiku limenelo panalibe woiwala kanthu, ndipo anawapeza atazizira. Akuchimuna anamupirikitsa, kumsika ankamuloza ndi milomo, ndipo Belmira anali m'gulu la onena kuti mkazi wosamala sangachite zotero.

“Ndamva kuti adzuka,” anatero Chausiku. “Mulungu ndi wamkulu, achemwali.”

“Ndinatseka ndi zenera lomwe,” Belmira anayankha motsitsa mawu. “Inu munatseka chitseko chokha. Chondisiyanitsa ndi inu ndi kiyi basi.”

Chausiku anafinya chikolopa, nati anthu saona dzanja loika mbaula, amaona maliro. Pakagwa mtembo mitima imafuna wina woti asenze cholakwacho, ndipo iye sawaimbanso mlandu. Kenaka anamuuza kuti alowe, mkulu akudikira tiyi wake.

Lamulungu lotsatira, a Jaime atatuluka m'chipatala, Belmira anawagulira mabulangete awiri, mbaula n'kuisiya pakhonde. Anaitananso Chausiku kudzaphika naye ndi kudya nawo, namukhazika pafupi ndi alamu ake. Zélia, mlongo wa Venâncio, atakwinya nkhope, a Jaime anamuyang'ana nati: “Aphika awiriwa, ndipo ine ndidya. Moto umene onsewa anaikira apongozi awo ndi umodzi.”

Zélia anatambasula dzanja, nalandira mbale. Akuluakulu ananena zoona: tsoka silinunkha.