Chikwangwani cha Mayi Nangozo

Kalekale, nthawi imene makalata ankayendabe ndi basi, pa msika wa Chimwankhuku panali mayi wina wamasiye dzina lake Nangozo. Ankagulitsa mbewu za chimanga, mtedza ndi nyemba. Pamwamba pa khomo la sitolo yake panali chikwangwani cholembedwa kuti MBEU ZABWINO. Anachilemba ndi malemu amuna awo, ndipo mayiyu ankachipukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Chaka china, mvula ili pafupi, bambo wina dzina lake Bwanali anatsegula sitolo ya mbewu tsidya la msewu, iye n'kulemba kuti MBEWU. Munthuyo pakamwa sipankamuuma.

"Dzina la katundu wawo likuwakanika kulemba," ankatero kwa alimi, "nanga katunduyo angamere?"

Anthufe tikapeza choseka sitichedwa. Sabata ziwiri zinatha Mayi Nangozo osagulitsa ngakhale paketi imodzi. Mvula ikanagwa zinthu zili choncho, mbewu zikanawagonera ndipo sitolo ikanatsekedwa. Koma kufufuta dzanja la amuna awo anakanitsitsa.

Woyamba kuchitapo kanthu anali a Dzimbiri, telala wosoka pakhonde pa sitolo ya mayiyo. Anang'amba pepala pakati pa kope la miyeso n'kulemba kalata yopita kunyuzipepala: "A Mkonzi, kwathu kuno ku Chimwankhuku sitolo ya Mayi Nangozo inalemba MBEU, ina MBEWU. Anthu akunyoza mayi wosalakwa. Kodi kalembedwe kolondola n'kati?" Poopa kudana ndi Bwanali, pansi anangosaina kuti "Wodandaula".

Kupositi anapeza a Kamwaza, mayi amene anagulitsa masitampa zaka zambiri ndipo tsamba la makalata m'nyuzipepala silinkawapita. A Dzimbiri anawawerengera kalatayo monyadira.

"Bambo, sitampa yanu muwononga," anatero a Kamwaza. "Kalata yopanda dzina lenileni ndi keyala mkonzi amaiponya m'dengu. Dzina lobisalira amalola, koma lenileni alidziwe iyeyo. Lembani pansipa. Ndiye pa envulopu muike kuti 'Makalata kwa Mkonzi', ingasochere ku zamalonda."

A Dzimbiri anakanda m'mutu, n'kulemba. A Kamwaza anadinda kalatayo, n'kumasula thumba limene anali atamanga kale kuti ipite ndi basi ya tsiku lomwelo.

Loweruka lachiwiri kalata inatuluka, atadulapo malonje okha. Pansi pake mkonzi anayankha: "Kalembedwe kolondola lero ndi MBEWU. Malamulo a Chichewa amati m'mawu otere tiziika w kapena y pakati pa mavawelo: mawu, mayi, mbewu. Koma wolemba MBEU si mbuli ayi. Umu ndi mmene mabuku akale ankalembera, ndipo sitoloyo iyenera kuti ndi yakalekale pamalopo."

Mayi Nangozo atamva, anakhala pansi. Mtima unawapweteka. Amuna awo anali atayeretsedwa, komabe chikwangwani chinali cholakwika.

Apo ndi pamene anatulukira a Mlongoti, olemba zikwangwani, atanyamula makwerero. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mayi, musalire. Palibe chilembo cha achimwene chimene ndifufute."

Anaona kuti malemuwo, posadziwa kuyeza, anasiya mpata waukulu pakati pa E ndi U. Anasakaniza penti mpaka inafanana ndi yakale yosuluka ija, anayamba ajambula ndi choko, kenako n'kulowetsa W wowonda, wopendekeka pang'ono ngati anzake. Atatsika anamata tsamba la nyuzipepala pachitseko, pamene aliyense angawerenge.

Lolemba linali tsiku la msika. Abale inu, kunali anthu! Odziwa kuwerenga ankawerengera anzawo mokweza, ena n'kumakangana kuti chilembo chatsopano n'chiti. Alimi anakumbuka kuti chimanga chimene akhala akukolola zaka zonsezi chinkachokera pakhomo lomweli. Ochokera kutali ankafunsa kuti, "Sitolo yotuluka m'nyuzi ija ndi iti?" Pofika masana mashelefu anali mbee, Mayi Nangozo akululutira pakhonde, chitenje chili m'chiuno. Bwanali anaima tsidya lija manja ali m'thumba. Lachitatu mvula inagwa.

Mayiyu anali ndi mbuzi imodzi yokha yothokozera, yaikazi, ya bere, yoti kuipha n'kugawana nyama kukanakhala kulakwa. Anaitana atatu aja.

"Popanda ine kufunsa, akanayankha ndani?" anatero a Dzimbiri.

"Funso lanulo likanathera m'dengu la zinyalala," anatero a Kamwaza.

"Yankho linabwera, inde," anatero a Mlongoti, "koma linawasiya mayiwa akulira."

Mayi Nangozo anaima pakati pawo chingwe chili m'manja, mbuzi ikukoka.

Tsono inu mwamva nkhani yonseyi, tandiuzani: chingwecho achipereke m'manja mwa ndani, amene anafunsa, amene anafikitsa funsolo, kapena amene anakonza osafufuta?